Tiketi ya ku Mitundu yasowa: atseke ndani, afufute ndani?

Chisomo: Odi pagulu. Ndikupempha nzeru kwa amene munayendetsapo Redmine, kapena pulogalamu ina yolondolera ntchito. Kampani yathu ndi yaing'ono, timaika masola ndi mapampu a madzi. Tilipo 14: amisiri 8, bwana, awiri a ku akaunti, awiri a kusitolo ku Kanengo, ndi ine amene ndimagawa ntchito. Kasitomala akaimba, timatsegula tiketi. Lolemba anaimba bambo wina wa ku Mitundu, akuti pampu imene anadandaula mwezi watha mpaka lero palibe anapitako. Ndafufuza tiketi yake, mulibe. 411 ilipo, 413 ilipo, koma 412 ikungondipatsa 404, uthenga woti tsambalo kulibe. Pofufuza zimenezo ndapezanso kuti pa 30 madzulo matiketi 9 anatsekedwa m'mphindi zosakwana 20, ndipo anatseka ndi amisiri eni ake. Ndaimbira makasitomalawo, atatu akuti sanaone munthu. Bwana apsa mtima, akuti ndilande zilolezo kwa aliyense, zonse zizidzera kwa iwo. Ine mtima ukukana koma sindikudziwa ndiwauze chiyani.

Tadala: Asisi, mathiraka athu tinaikitsa pa malole onse atatu. Galimoto ikapatuka msewu wa ku Mitundu imaoneka pafoni pompopompo. Mungolipira pamwezi basi. Amisiri anuwo simudzavutika nawonso.

Chisomo: Ayi a Tadala, sindikunena thiraka ya galimoto. Ndikunena molemba ntchito, kuti iyi ili ndi uje, yafika pakuti.

Tadala: Aaa pepani, ndinathamanga. Koma ya galimotoyo muiganizirebe, ikanakuuzani ngati anafikadi ku Mitundu.

Mphatso: Bwana wanu akunena zoona. Admin mmodzi, ena onse azingowerenga ndi kulemba ndemanga. Za 412 musadandaule, muone mu bini, mapulogalamu onsewa amasunga zofufutidwa masiku angapo.

A Phiri: Mphatso, pa bini pokhapo wawasocheretsa. Redmine ilibe bini ya matiketi. Munthu akadina `Delete` n'kuvomera, tiketi imachoka mu databesi pamodzi ndi ndemanga zake, mbiri yake ndi mafayilo amene munamatapo. Ikakhala ndi timatiketi tapansi pake, natonso timapita. Mayi Chisomo, tisanafike pa zilolezo ndiuzeni kaye zinthu ziwiri. Amisiriwo ali pa udindo uti m'pulojekitiyo? Muone pa `Settings`, kenako `Members`. Chachiwiri, ndi anthu angati amadziwa pasiwedi ya akaunti ya `admin`?

Chisomo: Ndaona. Tonse 14 tili pa `Manager`. Mnyamata amene anatiikira ananena kuti n'kosavuta choncho, kuti tisamamuimbire pafupipafupi. Pasiwedi ya admin tikuidziwa ine, bwana, mmodzi wa ku akaunti, ndi mmisiri wamkulu. Mwina ndi mnyamatayonso.

A Phiri: Ndiye gwero lake ndi limenelo. Redmine ikangoikidwa kumene imabwera ndi maudindo atatu, `Manager`, `Developer` ndi `Reporter`, ndipo `Manager` ali ndi zilolezo zonse za m'pulojekiti, kufufuta komwe. Munapatsa nyumba yonse makiyi a kuchipinda.

Koma kulanda zonse n'kupereka kwa bwana ndiye kudzipweteka kwina. Kutseka, kufufuta ndi kusamutsa ntchito si zinthu zofanana, ndipo funso limene ine ndimadzifunsa pa chilichonse ndi lakuti: munthu akalakwitsa pamenepa, tingabweze? Tiketi yotsekedwa molakwika imatsegulidwanso, ndipo mbiri imasonyeza amene anatseka ndi nthawi yake. N'chifukwa chake matiketi 9 aja mwawagwira mosavuta. Yosamutsidwa molakwika imabwezedwa kwa mwini wake. Yofufutidwa ndiye yapita, ndipo sisiya dzina la wofufuta paliponse pamene inu mungaone pa sikirini. Ndiye pa kufufuta muumitse dzanja kwambiri, pa zinazo mufewetse.

Gondwe: Ndiloleni ndilankhuleko monga mmisiri, chifukwa apa tikuweruzidwa tisanamvedwe. Ine ndagwira za magetsi zaka zambiri ndipo kutseka matiketi pa 30 ndikukudziwa. Mufunse kaye: alawansi ya amisiri anuwo imawerengedwa bwanji? Kumene ndinkagwira kale ankawerenga matiketi otsekedwa pofika kumapeto kwa mwezi. Upite ku Kasiya, upeze kuti inveta yapsa, kusitolo mulibe ina. Mafuta wawotcha, tsiku lapita, koma tiketi ikadali yotsegula ndiye alawansi palibe. Ukatero umatseka, n'kudzatsegula ina katundu akabwera. Sindikuti n'zabwino. Ndikungoti munthu saba nsima atakhuta.

Chisomo: A Gondwe, mwalasa. Kwathunso amawerenga zotsekedwa.

Gondwe: Mwaonatu. Ndiye mukawachotsera batanilo osakonza zimenezo, azikuimbirani usiku pa 30 kuti mayi titsekereni.

A Phiri: Madala Gondwe anena chinthu chimene pulogalamu singakonze, ndipo tibwererapo. Koma mbali ina ingathandize. Mu Redmine muli `Resolved` ndi `Closed`, ndipo anthu ambiri amaziona ngati chinthu chimodzi. `Resolved` ndi mawu a mmisiri akuti ndamaliza. `Closed` ndi mawu a munthu wina akuti ndaona, zathekadi. Mmisiri akhale ndi ufulu wonse wonena kuti wamaliza, asadikire aliyense. Koma wogwira ntchito asakhale yemweyo woivomereza. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ineyo ndimaonjezera kuti yemweyo ndi amene akudziwa nthawi yochitseka. Kwa inu wamva m'mimba ndi kasitomala, ndipo pakuti iye salowa mu pulogalamu, womuimirira ndinu amene munalandira foni yake.

Chisomo: Zikumveka. Nanga ndidina pati? Pa `Roles and permissions` sindikuona bokosi la kutseka.

A Phiri: Simulipeza, kulibe. Apa ndi pamene Redmine imasokoneza anthu. Kufufuta kuli pa `Roles and permissions`, koma kutseka kuli pa `Workflow`. Tiyeni pang'onopang'ono.

Yambani ndi kupanga udindo watsopano, muutche Mmisiri. Musayambe kudula `Manager`, chifukwa mudzidula nokha. Pa udindo watsopanowo chongani `View Issues`, `Add issues`, `Edit issues` ndi `Add notes`, ndipo `Delete issues` musiye osachonga. Muonetsetsenso kuti bokosi lolola kuti anthu a udindowu azipatsidwa ntchito ndi lochonga, apo ayi mayina awo sadzaoneka pogawa.

Kenako pitani pa `Administration`, `Workflow`, musankhe udindo wa Mmisiri ndi mtundu wa tiketi. Mudzaona tebulo. Mizere yopingasa ndi pamene tiketi ili panopa, yotsika ndi kumene munthuyo angaipititse. Udindo watsopano umayamba wopanda kanthu, ndiye ngati tebulo likuoneka loperewera, chotsani chongi pa `Only display statuses that are used by this tracker`. Pa mzere wa `New` chongani `In Progress`. Pa mzere wa `In Progress` chongani `Resolved` ndi `Feedback`. Pa `Feedback` chongani `In Progress`. Pansi pa `Closed` ndi `Rejected` musachonge paliponse.

Msampha uli m'munsi mwa tsambalo. Muli matebulo ena awiri opindika, lina la zimene munthu amaloledwa akakhala kuti ndiye anatsegula tiketiyo, lina akakhala kuti ndiye anapatsidwa. Muwatambasule onse. Mukasiya chongi cha `Closed` pa tebulo la wopatsidwa ntchito, mwangobwezera zomwe zija pakhomo lakuseri.

Mphatso: Zonsezi n'zambiri bwanji. Pa GitHub n'zachidule: `Read`, `Triage`, `Write`, `Maintain`, `Admin`. Wa `Triage` amatseka ndi kugawa koma safufuta, kufufuta ndi kwa `Admin` yekha. Mphindi ziwiri wamaliza. Musamuke basi.

Nachisale: Iwe Mphatso, amisiri a mapampu uwapititse pa GitHub? Komanso wadzitsutsa wekha. Poyamba umati admin yekha azichita zonse, pano ukutamanda pulogalamu imene imalola anthu wamba kutseka.

Mphatso: Chabwino, pa kutseka ndagonja. Koma pa kufufuta ndinalondola.

A Phiri: Unalondola, ndipo taona kuti nawonso anaika malire pomwepo: kutseka n'kwa ambiri, kufufuta n'kwa ochepa. Kungoti maudindo asanu amenewo sakusiyanitsira wogwira ntchito ndi wovomereza. Amene angatseke angatsekenso yake yomwe. Kwa olemba mapulogalamu zimayenda chifukwa ntchito imaonedwa ndi mnzako isanalowe. Pampu ya ku Mitundu palibe mnzako amaiona.

Nachisale: Ine ndinene zathu, mwina zithandiza. Ku bungwe limene ndimagwira timagwiritsa Jira, ndipo kumeneko zilolezo zinagawidwa chimodzichimodzi: `Assign Issues`, `Resolve Issues`, `Close Issues`, `Delete Issues`. Nakonso tiketi yofufutidwa sibwerera. Ifeyo tinachita zomwe bwana wanu akufunazo, kutseka tinasiyira mkulu wa dipatimenti yekha. Miyezi iwiri yoyamba zinali bwino. Kenako mkuluyo anayamba maulendo, sabata ku Mzuzu, sabata ku Mangochi. Atabwera anapeza mulu wa matiketi odikira, anawasankha onse n'kutseka kamodzi osawerenga ngakhale imodzi. Ndiye chidindo chinalipo koma diso panalibe. Muwauze bwanawo nkhani imeneyi. Wotseka akhale munthu amene ali ndi nthawi yoimbira kasitomala, osati amene ali ndi mpando waukulu.

Chisomo: Imeneyo ndiwauza ndithu, chifukwa bwana wathu imelo amayankha pakatha masiku atatu. Koma a Phiri, ngati palibe wofufuta, nanga matiketi obwereza? Kasitomala amaimba kawiri, wina pa WhatsApp, ndiye ntchito imodzi imakhala ndi matiketi atatu. Ndikuganiza kuti 412 inapita choncho, wina anaiyesa yobwereza.

A Phiri: N'kutheka kwambiri, ndipo kawirikawiri zimakhala choncho osati kuipa mtima. Yobwereza sifufutidwa. Mumaimangiriza ku inzake pa `Related issues`, n'kusankha kuti ndi yobwereza ya nambala yakuti, kenako n'kuiika pa `Rejected` ndi mzere umodzi wa chifukwa. Imachoka pamndandanda wa zotsegula, maso anu apuma, koma tsiku limene mudzazindikire kuti ku Mitundu kunali mapampu awiri a anthu osiyana, mudzaipeza n'kuitsegulanso. `Rejected` ikhale m'manja mwanu, osati mwa amisiri, chifukwa nayonso ndi kutseka kumene, kungosintha dzina.

Kufufuta kwenikweni kumafunika mwa apo ndi apo. Wina wamata pasiwedi m'tiketi, kapena chithunzi cha chiphaso cha kasitomala pamalo poonekera aliyense. Ngakhale pamenepo nthawi zambiri mumangochotsa fayilo kapena ndemangayo, tiketi n'kutsala. Ndiye chilolezocho chikhale ndi anthu awiri, kuti mmodzi akadwala zisaime, ndipo aliyense alowe ndi dzina lake.

Chisomo: Nanga wofufuta 412 ndingamudziwe?

A Phiri: Ngati seva ndi yanu ndipo malogi sanafufutike, mwina. Muuze amene amaisamala alowe mufoda ya Redmine alembe izi:

```
grep -A6 'Started DELETE "/issues' log/production.log
```

Pansi pa mzere uliwonse ayang'ane pamene palembedwa `Current user`. Pamenepo pali dzina la akaunti imene inadina. Zimene zinali m'tiketimo muzifune mu imelo: lembani #412 pofufuzira, chifukwa uthenga uliwonse wa tiketi umene Redmine imatumiza umakhala ndi nambala pamutu. Ngati muli ndi bakapu ya tsiku lisanafike lofufutalo, aitsegule pa kompyuta ina, mukopere ndi manja. Asaibwezere pa seva yeniyeni, mungataye zonse zimene mwalemba kuchokera tsikulo.

Tadala: Ine ndikungowerenga, koma zayamba kukoma ngati mlandu wa kwa amfumu.

Chisomo: Ndabweranso. Mnyamata uja wayendetsa lamulolo. Lapezeka, pa 22 nthawi ya 4 koloko madzulo. Koma dzina likuti `admin`.

Gondwe: Hahaha. Ndiye wakuba ndi anthu asanu, bwana ali momwemo.

A Phiri: Pamenepo mlandu wafera panjira, ndipo ine ndingati muusiye, musayambe kulozana zala popanda umboni. Chimene mwaphunzira n'chokwanira. Sinthani pasiwediyo lero, ndipo akauntiyo isagwirenso ntchito za tsiku ndi tsiku. Dziwaninso kuti munthu amene akaunti yake ili ndi chongi cha `Administrator` samangidwa ndi udindo uliwonse. Mungamuike pa Mmisiri, azifufutabe. Ndiye muone pa `Users` kuti ndani ali nacho.

Chisomo: Ndapanga udindo uja, ndasamutsa amisiri onse 8. Koma ndayesa ine ndikuonabe `Closed` paliponse. Ndipo mmisiri wamkulu akuti iye akutsekabe bwinobwino.

A Phiri: Inu mukuona chifukwa mukuyesa ndi akaunti yamphamvu. Pangani akaunti yoyesera, muipatse udindo wa Mmisiri wokha, mulowe nayo pa burawuza ina. Mukatero mudzaona zimene iwo amaona. Za mmisiri wamkuluyo, pali zinthu ziwiri. Mwina pa `Members` ali ndi maudindo awiri, mwamuonjezera Mmisiri osachotsa `Manager`. Redmine imaphatikiza zilolezo za maudindo onse, sitenga chochepa. Kapena tebulo lija mwakonza pa mtundu umodzi wa tiketi. Muli ndi mitundu ingati?

Chisomo: Itatu: kuika, kukonza ndi kuyendera. Yonse ndinakonza. Koma pa maudindo mwalasa, anali ndi awiri. Ndachotsa.

Gondwe: Tsopano ya kusamutsa, chifukwa imeneyo ndiye imandikhudza. Ndinamva wina akuti wogawa yekha ndiye azisintha dzina. Taganizani: ndili ku Nathenje, mnzanga ali ndi tiketi ya ku Nathenje komweko koma iye watumidwa ku Lumbadzi. Tagwirizana pafoni kuti ndimugwirire. Ndidikire mayi Chisomo atuluke mu msonkhano? Pofika nthawiyo ine ndabwerera mtauni, mawa mafuta ena.

Nachisale: Koma a Gondwe mukudziwanso mbali inayo. Ntchito yovuta, kapena kasitomala wolongolola, imayenda m'manja ngati mbatata yamoto mpaka imathera kwa mnyamata wongoyamba kumene amene sangakane. Kwathu ina inazungulira anthu anayi m'sabata imodzi, palibe anaigwira.

A Phiri: Nonse mukunena zoona, ndipo pano Redmine sikupatsani yankho loyera. Ilibe chilolezo chapadera cha kusamutsa, aliyense amene ali ndi `Edit issues` angasinthe dzina. Chimene mungachite chili pa `Workflow` pomwepo, tsamba la `Fields permissions`. Pa udindo wa Mmisiri, mzere wa `Assignee`, mungaike `Read-only` pa `In Progress`, `Resolved` ndi `Feedback`, n'kusiya `New` yomasuka. Tanthauzo lake n'lakuti ntchito isanayambike amisiri angatengerane, koma ikayambika dzina limamatirira mpaka wogawa alisinthe. Nkhani ya ku Nathenje ija yatheka. Malire ake ndi akuti pulogalamu siisiyanitsa kudzitengera ndi kukankhira mnzako. Amene angalembe dzina lake angalembenso la wina. Pamenepo chotsala ndi lamulo la pakamwa: kutenga n'kololedwa, kupatsa wina ayi, ndipo mbiri ya tiketi imaonetsa amene anasintha.

Gondwe: Nanga ndayamba ntchito, mwana wadwala, ndathamangira kuchipatala?

A Phiri: Mumaimbira wogawa. Pamenepo ine sindingafewetse, chifukwa ntchito yoyambika ili ndi katundu amene watuluka kusitolo m'dzina lanu. Dzina likasintha mwakachetechete, mawaya ndi mabatire aja adzafunsidwa kwa ndani?

Gondwe: Mmm. Pa katundu ndavomera. Koma wogawa akhale awiri. Mayiwa akapita ku tchuthi kapena kumaliro, tonse tiima?

Chisomo: Limenelo ndi funso langa lomwe. Wachiwiri woyenera ndi mmisiri wamkulu, koma nayenso amagwira matiketi ake. Ndikamupatsa mphamvu yotseka, azitseka zake.

Mphatso: Mupatseni basi, munthu mmodzi mungathe kumuyang'anira.

Nachisale: Kapena wa ku akaunti. Iyeyo ndiye amafuna kudziwa ngati ntchito yatha asanatulutse invoisi.

Gondwe: Wa ku akaunti adziwa bwanji kuti pampu ikukoka bwino? Kasitomala anena kuti madzi akutuluka, pomwe waya wa ethi sanamange.

A Phiri: Ine ndikanasankha wa ku akaunti pa kutseka, mmisiri wamkulu pa kusamutsa, maudindo awiri osiyana. Koma zimene akunena a Gondwe n'zoona, foni ya kwa kasitomala imatsimikiza kuti munthu anafika ndipo madzi akutuluka, osati kuti ntchito ndi yaukhondo. Ngati mukufuna zimenezonso, ndiye mmisiri azimata zithunzi asanaike `Resolved`, ndipo wina wodziwa aziona. Ndi anthu 14 sindikudziwa ngati nthawi imeneyo muli nayo, inu ndi amene mungayeze.

Chisomo: Chinanso chaching'ono. Mmisiri wina akuti akafuna kutenga tiketi, akangosankha `In Progress` bokosi la dzina likusowa.

A Phiri: Eya, chifukwa fomuyo imatsata pamene tiketi ikupita, ndipo kumeneko munaika `Read-only`. Ayambe walemba dzina lake n'kusunga ikadali pa `New`, kenako aisunthe. Kawiri, osati kamodzi.

Chisomo: Zatheka, zikomo. Ndalankhula ndi bwana. Za kufufuta avomera, tatsala ine ndi iwo, aliyense ndi akaunti yake. Za kutseka avomera monyinyirika nditawauza nkhani ya a Nachisale. Wachiwiri wanga sitinagwirizane. Za alawansi akana kukamba, akuti tidzaona mwezi wamawa. Ndinawauza kuti tiziwerenga ulendo umene munthu wayenda, kapena `Resolved` imene sinabwezedwe, iwo akuti amisiri azingoika `Resolved` pa chilichonse.

Gondwe: Aziikadi, ngati katundu kusitolo kulibe. Muwapatse poimika tiketi podikira katundu, ndipo ulendo woyambawo uziwerengedwa. Apo ayi pa 30 muzimitse foni.

Chisomo: Ndiyesa kuwauzanso Lachisanu. Pakali pano ndatsegula 438 m'malo mwa 412, ndakopera zonse za mu imelo. Galimoto ya ku Mitundu inyamuka mawa 6 koloko.

Tadala: Ili ndi thiraka?